Intaneti ikamakoka mzere utadzaza, vuto si liwiro lochepa

Ambiri timaganiza kuti mawu akamaduka pa foni ya intaneti wina pa mzere womwewo akukweza vidiyo pa intaneti, mankhwala ake ndi kugula liwiro lokulirapo. Nthawi zambiri si choncho. Chikuchedwetsa ndi ndandanda ya mapaketi, timagawo ta zomwe mukutumiza, odikira mu rauta kapena modemu, vuto lomwe masamba oyezera intaneti amalilemba kuti `bufferbloat`.

Tiyerekeze kuti mzere wanu umatumiza mamegabiti 10 pa sekondi, ndipo modemu imasunga megabaiti 1, omwe ndi mamegabiti 8. Vidiyo ikadzaza malo amenewo, kapaketi ka mawu anu kamaima kumbuyo masekondi 0.8. Malo aakulu osungira amangokulitsa vutolo, chifukwa wotumiza vidiyo amachepetsa liwiro akaona paketi yatayika, ndiye modemu ikamasunga zonse, uthenga woti mzere wadzaza umamufika mochedwa.

Yesani nokha ndi lamulo ili la pa kompyuta, lomwe limayeza nthawi yomwe paketi imatenga kupita ndi kubwerako:

```
ping 1.1.1.1
```

Ikamayenda, yambani kukweza fayilo yaikulu. Mamilisekondi akadumpha kuchoka pa 20 kufika pa mazana angapo, vuto ndi limeneli.

Pa rauta yoyendera pulogalamu ya OpenWrt yatsani `SQM`, gawo loyendetsa ndandanda ya mapaketi, musankhe njira ya `cake`, kenaka lembani liwiro lotsika pang'ono kuposa lomwe mwayeza, monga `9000` kbit/s pa mzere wathu uja. Kutsitsaku n'kofunika kwambiri, chifukwa kumasamutsira ndandanda mu rauta, momwe mapaketi a ntchito iliyonse amapatsidwa mpata mosinthana. Chitaninso chimodzimodzi kumbali yotsitsa.

Pa intaneti ya 4G liwiro limasinthasintha, ndipo likagwa pansi pa nambala mwalembayo, kuchedwa kumabwerera.