Cron ndi tsiku lomaliza logwira ntchito pamwezi: mayankho a ofesi ya zamakompyuta

"Kodi cron ili ndi chizindikiro cha tsiku lomaliza logwira ntchito?"

Cron wamba ya pa Linux, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, ilibe. Chizindikiro cha `LW` chimene ena mwachiona ndi cha Quartz, pulogalamu ina yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika.

"Ndinalemba `0 17 28-31 * 1-5`, koma lipoti la malipiro likutuluka tsiku ndi tsiku. Seva yanu yaonongeka?"

Seva ili bwinobwino. Mukadzaza malo a deti ndi malo a tsiku la sabata onse awiri, cron imayendetsa ntchitoyo pakakwanira chimodzi mwa ziwirizo. Mzere wanuwo ukunena kuti Lolemba lililonse mpaka Lachisanu, kuonjezapo pa 28 mpaka 31 ngakhale likhale Lamulungu. Ndiponso 28 si poyambira pabwino: Febuluwale wa 2027 akuthera Lamulungu pa 28, ndiye tsiku lomwe mukufuna ndi Lachisanu pa 26.

"Nanga tilembe chiyani?"

Cron idzutse sikilipiti tsiku lililonse lantchito, kusankha tsiku kukhale kwa sikilipitiyo.

```
0 17 * * 1-5 /opt/malipiro/tsiku.sh
```

Mkati mwa `tsiku.sh`:

```
#!/bin/sh
n=1
[ "$(date +%u)" = 5 ] && n=3
[ "$(date -d "+$n days" +%m)" = "$(date +%m)" ] && exit 0
exec /opt/malipiro/lipoti.sh
```

Sikilipitiyi imayang'ana tsiku lantchito lotsatira, lomwe ndi mawa, kapena Lolemba ngati lero ndi Lachisanu. Likakhala m'mwezi womwewu, imangotuluka. Pa 26 Febuluwale 2027 idzaonjeza masiku atatu n'kupeza 1 Malichi, ndipo lipoti lidzatuluka. Musakokere mizereyi mu `crontab`, chifukwa mmenemo `%` imadula mzere mukapanda kuilemba chonchi: `\%`. Dziwaninso kuti `date -d` yotereyi ndi ya GNU.

"Tsikulo likakhala holide, malipiro achedwa?"

Apa sitingalonjeze zambiri. Sikilipitiyi imadziwa Loweruka ndi Lamulungu basi, ndipo `LW` ya Quartz nayonso siidziwa maholide. Mu 2024 Lachisanu Loyera linagwa pa 29 Malichi. Mizere ili pamwambayi ikanasankha tsiku lomwelo, pamene mabanki anali otseka ndipo tsiku loyenera linali Lachinayi pa 28.

Chothandiza ndi kukhala ndi fayilo ya madeti a maholide, sikilipiti izidumpha madetiwo pofufuza tsiku lotsatira, komanso izituluka ngati lero lili m'fayilomo. Izi zimatheka, koma pafunika munthu woti azilemba fayiloyo chaka ndi chaka, poti Pasaka amasuntha, ndipo deti la Eid limatsimikizika mwezi ukaoneka. Ife tikuona kuti ntchito imeneyi ndi ya ofesi ya malipiro, omwe amadziwa masiku a banki. Fayilo ikapanda kutifika, deti lolakwika lisadzatchedwe vuto la cron.

"Magetsi akathima 5 koloko madzulo?"

Seva ikakhala yozima nthawi imeneyo, cron siibwerera kukachita zomwe zaphonyeka, ndipo lipotilo muyendetse pamanja. Onaninso nthawi ya seva ndi `date`. Ikakhala pa UTC, `17` ndi 7 koloko usiku kuno.