Musanatumize chithunzi cha munthu, lili kuti pepala lomwe wasaina?

Mwezi uliwonse kumabwera wina ku situdiyo kwanga kuno ku Zomba, foni ili m'manja, akudandaula kuti Shutterstock kapena Adobe Stock, makampani ogulitsa zithunzi pa intaneti, amukanira zithunzi. Ambiri amaloza kamera chala. Ndatopa nako kuyankha funso loti zithunzi zimakanidwiranji, ndiye lero ndilembe. Makampani awiriwa amangofuna chithunzi cha JPEG chosachepera mamegapikiseli 4, ndipo foni zambiri za lero zimapitirira pamenepo. Kanema akhale wa masekondi 5 mpaka 60, wosagwedezeka. Chikulitseni chithunzicho pa kompyuta mpaka 100%, ndipo ngati maso a munthuyo sakuoneka bwino kapena mumthunzi muli timadontho ngati mchenga, chisiyeni. Zimenezo n'zapafupi.

Chomwe chimagwetsa anthu ndi chilolezo. Nkhungu ya pa Ku Chawe ndi madzi a damu la Mulunguzi n'zokongola, koma ogula amafuna kwambiri anthu akugwira ntchito: mayi akuyanika matemba ku Kachulu, wakabaza atanyamula thumba la chimanga, mlimi akupuntha mpunga m'madambo a nyanja ya Chilwa. Tsono chithunzi chokhala ndi munthu wozindikirika sichingalowe m'gulu lolembedwa Commercial, lomwe ndi la otsatsa malonda, popanda fomu yotchedwa Model Release yomwe mwiniwakeyo wasaina. Ngati ndi mwana wosakwana zaka 18, asaine kholo. Kuvomera pakamwa sikuwerengedwa. Komanso chizindikiro cha kampani chilichonse, kaya pa ambulera ya wogulitsa mayunitsi, kaya pa jezi ya mpira, chimakanitsa chithunzi, ndiye chifufuteni kapena sunthani musanajambule. Ku Shutterstock kuli gulu lina la Editorial, la zithunzi za nkhani, komwe fomu sifunika. Kumeneko mumalemba malo, tsiku ndi zomwe zikuchitika, simusintha kanthu m'chithunzimo, ndipo wogula sangatsatsire nacho malonda.

Koma siginecha payokha sikwanira, ndipo izi ndinaziphunzira mowawa. Tsiku lina m'mawa ndinajambula mayi wina ku Kachulu akutembenuza matemba pa thandala, manja ali mamba okhaokha, dzuwa likuwawomba cham'mbali. Ndinatulutsa fomu, yomwe inali m'Chingerezi, n'kungowauza kuti, "Mayi, mudinde apa, chithunzichi chipita pa intaneti." Anadinda chala akuseka, mboni n'kusaina. Patapita pafupifupi chaka, mwana wawo anandiimbira. Anali ataona nkhope ya mayi ake pa uthenga wotsatsa ngongole, ndipo anthu kumudzi ankati mayiwo alowa katapila, ena ankati alandira ndalama zambiri akubisa. "Achimwene, bwanji simunatiuze?" Ndinalibe choyankha. Papepala panalibe cholakwika chilichonse. Wolakwa ndinali ine, chifukwa sindinawafotokozere.

Zithunzi zambiri ku makampani amenewa zimagulitsidwa pa laisensi yolembedwa Royalty-Free. Mwini chithunzi mumakhalabe inu, koma wogula amalipira kamodzi n'kuchigwiritsa ntchito kambirimbiri, ndipo ena enanso angagule chomwecho. Simudziwa wagula ndani. Ine chithunzi cha mayi aja ndinachichotsa tsiku lomwelo, koma amene anagula kale laisensi yawo imagwirabe ntchito. Ndalama zonse zomwe chithunzicho chinandipatsa sizinafike ngakhale pa zomwe ndinawononga kupita ku Kachulu kukapepesa. Adobe Stock imapereka 33% ya mtengo wa chithunzi ndi 35% pa kanema, Shutterstock imayambira pa 15%, ndipo nthawi zambiri chithunzi chimodzi chikagulidwa mumalandira masenti chabe a dola.

Panopa ndimakhala pansi ndi munthuyo ndisanatulutse kamera. Ndimamuuza m'Chichewa kuti nkhope yake ikhoza kuoneka pa chikwangwani cha banki, cha mankhwala kapena cha feteleza, kuno kapena kunja, kwa zaka zambiri, ndipo akasaina sangadzabweze. Timagwirizana malipiro ake pomwepo. Akakana, ndimajambula manja okha ndi nsomba, popanda chilichonse chomuzindikiritsa. Ndipo fomu isainidwe tsiku lomwelo. Asodzi a ku Chilwa amasamuka madzi akaphwa, mukati mudzabwerera mwezi wamawa mudzapeza pamalopo pali wina.

Chenjerani ndi anyamata omwe akulipiritsa anthu kuti awatsegulire akaunti. Kulembetsa n'kwaulere. Ena akugulitsa zithunzi za pa fulashi zoti muzikweza ngati zanu, ena amakuuzani kuti musaine nokha fomu m'dzina la wojambulidwayo chifukwa "azungu sangadziwe". Akakugwirani akaunti amatseka, ndipo mwini nkhope akadandaula, kampani imaloza inu amene munatumiza fomuyo. Wina wa ku Chinamwali anabwera sabata yatha ndi mafomu 12 olembedwa ndi dzanja limodzi. Ndinamuuza kuti awang'ambe, abwerere kwa anthuwo mmodzimmodzi.