Usiku wa Lachisanu, ukwati uli mawa

Nkhaniyi ndimaifotokoza kwa aliyense amene wangokwezedwa kumene kukhala woyang'anira anzake pa ntchito yoperekera zakudya. Ndaisoka kuchokera ku mausiku angapo amene ndinawaona ndi maso anga m'mahotela, choncho musafunefune dzina la malo kapena la munthu.

Nthawi inali 9 koloko usiku Lachisanu. Mawa lake kunali phwando la ukwati la anthu 240, matebulo 30 a anthu asanu ndi atatu. Mayi woyang'anira chipinda chodyera anaima pa bolodi la kuseri kwa khitchini n'kuwerenga mndandanda wa mashifiti, umene ife timangouti rosita. Operekera zakudya anali khumi, monga anafunira, aliyense matebulo atatu. Atatsala pang'ono kuzimitsa magetsi, mnyamata wina amene ankakolopa anati, "Madamu, kodi mwamva kuti mmodzi wa operekera zakudya aja wapita kumaliro ku Dedza?"

Apa ambiri amathamangira foni kukasaka munthu mmodzi wolowa m'malo. Mayiyu anayamba wakhala pansi, natenga buku limene antchito amasaina pofika, n'kuliika pambali pa rosita. Rosita imanena zimene munaganiza sabata yatha, koma buku losaina limanena zimene zachitikadi, ndipo pamene ziwirizi zasiyana m'pamene pali bowo.

Anapeza mabowo ena atatu. Dzina limodzi linalembedwa kawiri, pa matebulo komanso ku bala, nthawi yofanana. Mtsikana wina anagwira Lachitatu m'malo mwa mnzake, atagwirizana pakamwa kuti mnzakeyo amubwezera Loweruka, koma mnzakeyo anali kale pa rosita ya Loweruka m'dzina lake. Munthu mmodzi sangaime malo awiri, ndipo mtsikanayo anali atanyamuka kale kupita kwawo. Wachitatu anali mnyamata amene anasaina tsiku lililonse kuyambira Lamulungu mpaka Lachisanu. Lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 sililola kuti munthu agwire masiku opitirira asanu ndi limodzi otsatizana asanapume maola 24. Ngakhale lamulo mutaliika pambali, munthu wotopa chotero ndi amene amagwetsa thileyi pa diresi la mkwatibwi. Pa khumi aja panatsala asanu ndi mmodzi.

Chimene ndimafuna kuti anthu amve chili apa. Mayiyu anasiya kuwerenga maina n'kuyamba kuwerenga maola. Anatembenuza pepala, nalemba tsiku lonse la ukwati m'zigawo. Kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 11 koloko ndi koyala matebulo, ntchito ya anthu anayi. Alendo ayamba kulowa 1 koloko, chakudya chituluka 2 koloko, ndipo pofika 4 koloko mbale zachotsedwa. Kenako ndi pelekanipelekani, pamene anthu ali kalikiliki kuvina ndi kuponya ndalama, ndipo operekera atatu okha akwanira kuyendetsa zakumwa mothandizana ndi a ku bala. Madzulo ndi kusonkhanitsa ziwiya mpaka 9 koloko. Atayang'anitsitsa anaona kuti anthu khumi akufunika maola atatu okha, kuyambira 1 koloko mpaka 4 koloko. Sanasowe anthu anayi a tsiku lonse. Anasowa manja a anthu anayi kwa maola atatu, ndipo limenelo ndi vuto lina, lotchipa kwambiri.

Anagawa asanu ndi mmodzi aja pawiri. Atatu alowe 7 koloko n'kuweruka 4 koloko, ndi ola limodzi lopuma pakati. Atatu ena alowe 12 koloko masana n'kuweruka 9 koloko usiku. Motero onse akumana pa nthawi ya chakudya. Posankha woti apite gulu liti sanatsate kuti ndani wamphamvu. Awiri anali akadali pa ntchito usiku womwewo, otseka 11 koloko, ndipo rosita yakale inawalemba kuti abwere m'mawa. Munthu woweruka 11 koloko amafika kunyumba pakati pa usiku, ndiye kumuuza kuti 7 koloko akhale atafika n'kudzinamiza nokha. Anawaika masana. Pa gulu lomwelo anawonjezera amene amakhala pafupi, chifukwa 9 koloko usiku maminibasi amakhala atatha, ndipo wa kutali mumayenera kumulipirira njinga yamoto kapena takisi.

M'mawa munatsala atatu pa ntchito ya anayi. Anapempha otseka awiri aja kuti awonjezere ola limodzi usiku womwewo, akoke matebulo ndi mipando kuziika m'malo mwake, kuti am'mawa apeze zongoyala nsalu ndi mbale.

Tsopano anayi osowa aja. Apa pamafunika kudziwa mtengo wa njira iliyonse. Lamulo lomwe lija limati ola lowonjezera pa tsiku la ntchito lilipidwe malipiro a ola limodzi ndi theka, ndipo munthu woitanidwa pa tsiku lake lopuma alipidwe kawiri. Tiyerekeze kuti ola ndi K1,000. Wowonjezera maola alandira K1,500 pa ola, woitanidwa ali pa ofu alandira K2,000. Anayamba ndi amene ali kale pa malopo: amayi awiri okonza zipinda zogona, amene amamaliza ntchito yawo masana ndipo anathandizapo pa maphwando kale. Sanawapatse matebulo awoawo, chifukwa sadziwa kumene chilichonse chimakhala. Ntchito yawo ikhala kuchotsa mbale zakuda basi, ndipo zimenezi zimamasula operekera odziwa kuti aliyense asamale matebulo anayi m'malo mwa atatu. Ndiye kuti odziwa akufunika asanu ndi atatu, ndipo anali nawo asanu ndi mmodzi. Anaimbira mmodzi amene anali pa ofu, ndi mmodzi wa ganyu amene amamudziwa kalekale.

Ndati anaimba, sanalembe uthenga. Uthenga woti wawerengedwa si kuvomera, ndipo foni ya munthu ikhoza kukhala yozima chifukwa magetsi kulibe kwawo. Kwa aliyense, kuphatikizapo asanu ndi mmodzi amene nthawi zawo zasintha, ankamaliza ndi funso lomwelo: "Ndiye mufika nthawi yanji?" Ankadikira kuti munthuyo atchule yekha. Mmodzi anayankha nthawi ya pa rosita yakale, ndipo anakonzerana pomwepo.

Wophika wamkulu, amene ankamvetsera akusenda adyo, anati, "Bwanji inuyo osangotenga matebulo anayi, tisunge ndalama ya ganyu?" Mayiyu anakana, ndipo ine ndili kumbali yake. Woyang'anira akanyamula thileyi, palibenso woona kuti mzere wa chakudya waima, kuti nkhuku ikutha, kapena kuti tcheyamani wa komiti ya ukwati akufuna wolankhula naye. Iye ndiye munthu womaliza wosungira ngozi, ndipo ukamugwiritsa ntchito usiku wa Lachisanu, Loweruka ulibenso wina.

Chinthu chimodzi anatsala pang'ono kuchiiwala. Makiyi a sitolo ya nsalu ndi matambula amasunga mmodzi wa otseka aja, amene tsopano abwera 12 koloko. Anamuthamangira pa geti n'kuwalandira. Rosita zambiri zokonzedwa usiku zimagwera pamenepa: maola akwanira, koma munthu wa makiyi kapena wodziwa kuliza jenereta wasunthidwa popanda wozindikira.

Pakati pa usiku analemba rosita yatsopano ndi cholembera chakuda, naika tsiku ndi nthawi pamwamba, naikhoma pa bolodi. Yakaleyo anaichotsa n'kuiika m'thumba mwake, kuti m'mawa wina asaiwerenge.

Loweruka 7 koloko mnyamata wa masiku asanu ndi limodzi uja anatulukira atavala yunifomu yosita bwino. Anati wamva kuti kukusowa anthu, ndipo ndalama ya tsiku la ofu akuifuna. Mayiyu anamupatsa tiyi ndi ndalama ya minibasi, namuuza kuti aonane Lamulungu.