Vidiyo yophunzitsira antchito imayambira papepala, kamera imabwera pambuyo

Ntchito yanga ndi yokonza mavidiyo, ambiri amandidziwira kumaukwati ndi kuzinkhoswe, koma masiku ano mabwana a mashopu kuno ku Salima ayamba kundiitana kuti ndiwapangire vidiyo yoti wantchito watsopano aziwonera pafoni n'kudziwa chochita, osati tsiku lililonse kumuyimirira pambali. Ganizo labwino ndithu. Koma pafupifupi onse amayamba ndi funso limodzi, akuti "mubwera ndi kamera yanji?" Ine ndimawayankha kuti tsiku loyamba sindibwera ndi kamera, ndibwera ndi bolopeni ndi pepala, ndipo chifukwa chake ndinachiphunzira movutika pa shopu ina yogulitsa zipangizo zaulimi.

Pa shopu imeneyo ankafuna vidiyo ya kalandiridwe ka katundu lole ikafika. Ntchitoyo ili pawiri, ina imachitikira panja pa lole pomwe amawerenga matumba a feteleza, ina imachitikira pa laputopu mu ofesi pomwe amalowetsa manambala. Ine ndinapita, ndinajambula zonse m'mene zinkachitikira tsikulo, ndinalumikiza bwinobwino, bwana anaombera m'manja. Patapita masabata angapo anandiimbira kuti mnyamata watsopano wasainira katundu wosakwana. Titaiwoneranso vidiyo ija tinapeza kuti mayi amene ndinawajambula, poti dalaivala anali wodziwana naye ndipo ankafulumira, anasaina pepala kaye kenako n'kuyamba kuwerenga. Mnyamatayo sanalakwe, anachita ndendende zomwe anaona. Munthu wophunzira pa vidiyo amatengera dongosolo lomwe maso ake aona, ngakhale mawu atanena zina.

Kuyambira pamenepo ndimakhala pansi kaye ndi munthu amene amagwiradi ntchitoyo, osati bwana, chifukwa bwana amakuuza m'mene ntchito iyenera kuyendera pomwe wa pa kauntala amakuuza pomwe imakodwa. Timalemba masitepe, mzere uliwonse chochita chimodzi basi. Ukaona kuti mu mzere mwalowa mawu oti "kenako" dziwa kuti amenewo ndi masitepe awiri, agawe. Pa shopu ija pokonzanso vidiyoyo tinatuluka ndi asanu ndi awiri: kulandira pepala la katundu kwa dalaivala, kuwerenga matumba akamatsitsidwa, kuika pambali ong'ambika kapena onyowa, kufananitsa nambala yako ndi ya papepala, kusaina, kulowetsa mu kompyuta, kusunga fayilo. Pambali pa sitepe iliyonse ndimalemba kuti imeneyi ijambulidwa panja ndi foni kapena pa sikirini, ndiponso funso ili: munthu adziwa bwanji kuti sitepeyi yatha? Funso limeneli ambiri amalidumpha. Sitepe ya kusunga fayilo sikuthera pomwe wadina Save, imathera pomwe waona kuti nambala ya sitoko yasintha, ndiye vidiyo iyenera kuonetsa nambalayo ikusintha.

Pali vuto lina lomwe limasokoneza dongosolo kwambiri, nkhani ya "nanga zikapanda kugwirizana?" Mayi aja ankafuna tifotokoze pomwepo zoti matumba akaperewera uimbire bwana, ulembe papepala nambala yeniyeni, dalaivala asainenso. Zonsezo n'zoona koma ukaziponya pakati pa sitepe yachinayi, woonera amaiwala pomwe anali. Ine ndimayendetsa vidiyo yaikulu njira imodzi yokha, ya tsiku lomwe zonse zili bwino, ndipo pa sitepe yachinayi ndimangoika mawu oti zikasiyana usasaine, onera vidiyo yachiwiri. Yachiwiriyo ndi ya mphindi imodzi, ya vuto lokhalo.

Tsopano kujambula. Sitepe iliyonse imakhala ndi kakilipu kakekake, sindijambula chinthu chimodzi chachitali choti ndizikadula kunyumba. Ndipo dzina la fayilo ndimalipereka tsiku lomwelo, nambala patsogolo:

```
010_landira_pepala.mp4
020_werenga_matumba.mp4
030_ongambika_pambali.mp4
040_fananitsa.mp4
```

Manambala ndimawadumphitsa makumi dala, kuti bwana akadzakumbukira sitepe yomwe tinaiwala ndidzangoipatsa 025 n'kulowa pakati osasintha ena onse. Ziro wa kutsogoloyo nayenso ali ndi ntchito, mapulogalamu ena akamasanja mayina amaika 10 patsogolo pa 2, ndiye ukangokoka mafayilo onse kuponya mu pulogalamu yolumikizira umapeza masitepe asokonekera wekha osadziwa.

Pa laputopu ndimagwiritsa ntchito OBS Studio, pulogalamu yojambulira sikirini, ndi yaulere. Windows ili ndi kojambulira kake komwe umayatsa ndi Win+Alt+R, koma kameneko kamagwira pulogalamu imodzi, ukapita pa desikitopu kapena mu File Explorer kamakusiya panjira, ndiye pa ntchito yoti munthu atsegule foda n'kupeza fayilo sikathandiza. Mu OBS ndimajambula ngati fayilo ya mtundu wa mkv osati mp4, chifukwa magetsi akathima pakati ndipo batire ya laputopu ndi yakufa kale, mp4 wamba imene sinatsekedwe bwino imakana kutseguka pomwe mkv imasunga zomwe unajambula kufika pamenepo. Ukamaliza umapita pa File, Remux Recordings, imasanduka mp4 mu masekondi ochepa.

Chomwe chimapha mavidiyo ambiri a pa sikirini n'choti amajambulidwa pa laputopu koma amaoneredwa pa kafoni kakang'ono, mwina kosweka galasi. Zilembo zomwe iwe ukuziona bwino pa laputopu, pafoni zimakhala ngati nyerere. Ndiye ndisanayambe ndimakuza sikirini kufika 150%, ndimatseka zina zonse zosafunika, ndipo ndimajambula masekondi 10 oyesera n'kudzitumizira pafoni kuti ndione ngati manambala akuwerengeka. Mausi iziyenda pang'onopang'ono, ifike pa batani, iime kaye ngati masekondi 2, kenako idine. Anthu ozolowera ntchito dzanja limathamanga lokha, mayi aja tinabwereza kanayi mpaka anayamba kuseka kuti ndikuwasandutsa agogo. Komanso musamajambule mabuku enieni a shopu, vidiyo imeneyi idzayenda pa WhatsApp ndipo simudziwa idzathera kwa ndani, pangani fayilo yoyeserera ya mayina opeka.

Apa pali kanthu kena komwe ndimalimbikira, manambala a panja ndi a pa sikirini akhale amodzimodzi. Pa shopu ija tinagwirizana kuti pepala la dalaivala likuti matumba 120, pa lole tiwerenga 120, mwa amenewo 2 ndi ong'ambika, ndiye mu kompyuta mulowa 118 abwino ndi 2 owonongeka. Manambala amenewa ndinawalemba papepala langa tisanajambule chilichonse. Chifukwa za panja tinajambula Lachiwiri, za pa laputopu Lachinayi, ukangolekerera, pa sikirini padzaoneka 80 pomwe panja munthu anaona 120, ndipo wophunzira amaima n'kumadzifunsa kuti 40 ena apita kuti, sitepe yotsatira yamudutsa. Chimodzimodzi polumikiza, kilipu ya panja izithera pa chinthu chomwe kilipu ya pa sikirini iyambire. Ife tinathera pa dzanja likuika pepala losainidwa pambali pa laputopu, nambala ikuoneka, kenako sikirini n'kutseguka. Munthu amamva yekha kuti pepala lija ndi lomwe akukoperapo.

Za panja ndi foni sizivuta kwenikweni. Foni igone chopingasa kuti ifanane ndi sikirini ya laputopu, iime pa chinthu cholimba, ndipo ujambulire kumbuyo kwa phewa la wogwira ntchito kuti dzanja lamanja lioneke kumanja monga m'mene wophunzira adzaonere manja ake. Nkhope si yofunika kwambiri, manja ndi pepala ndiye nkhani. Ndipo amene akuonekamo muwapemphe kaye, ngakhale dalaivala.

Mawu sindijambulira pamalopo. Kuno kumphepete kwa nyanja mwera ukayamba mu June ndi July maiki ya foni imangomva phuu, kuwonjezera njinga zamoto za kabaza, chigayo cha pafupi ndi anyamata otsitsa katundu akukuwizana. Ndimalumikiza kaye zithunzi, kenako madzulo timalowa m'chipinda chokhala ndi makatani ndi matiresi, foni pafupi ndi pakamwa ngati chikhatho chimodzi, munthu n'kuwerenga sitepe imodzi imodzi. Mawu atsogole pang'ono, chochita chitsatire, "tsopano dinani Save" kenako dzanja lidine, osati dzanja ladina kale mawu akubwera m'mbuyo ngati mboni. Timalankhula Chichewa koma dzina la batani timalitchula momwe lalembedwera pa sikirini, ukalimasulira munthu adzalifunafuna osalipeza.

Polumikiza, kaya ndi CapCut kaya Shotcut, kumayambiriro kwa sitepe iliyonse ndimaika kachikwangwani koti "Sitepe 3 mwa 7: ong'ambika pambali" ndipo nambalayo imatsala pakona mpaka sitepe ithe. Zimathandiza munthu amene waimitsa vidiyo kuti akathandize kasitomala, akabwerera adziwe pomwe anasiyira. Nyimbo sindiikamo, zozungulirazungulira za paukwati zija ayi. Malo otopetsa, monga kutsitsa matumba 120, ndimaonetsa oyamba atatu ndi omaliza awiri n'kulemba kuti tadumpha, koma sitepe yeniyeni sindiidumpha ngakhale ioneke yachibwana. Ngati muona kuti kilipu yochokera pafoni mawu ake akutsalira pang'onopang'ono vidiyo ikamapita, kawirikawiri ndi chifukwa mafoni sajambula pa liwiro lokhazikika, ipititseni mu pulogalamu ya HandBrake musankhe Constant Framerate musanailowetse.

Yathu inatuluka mphindi 4. Ndinaitulutsa pa 1280x720, pa 2 Mbps, zomwe zimapereka pafupifupi 60 MB, bandulo ya wantchito ikhoza kupirira. Pa WhatsApp itumizeni ngati Document, chifukwa mukaitumiza ngati vidiyo wamba imafinyidwa ndipo manambala a pa sikirini aja amasanduka utsi.

Ndisanapereke kwa bwana ndimayesa pa munthu amene sanagwirepo ntchitoyo. Pa shopu ija tinatenga mtsikana wogulitsa mbewu kutsogolo, tinamupatsa foni, pepala la dalaivala loyeserera ndi laputopu, ine n'kukhala pakona chete, lamulo n'loti asandifunse kanthu. Ndimangolemba pomwe wabwezera vidiyo m'mbuyo ndi pomwe wachita chosiyana. Masitepe asanu oyamba anadutsa bwino. Pa wachisanu ndi chimodzi anabweza katatu, kenako analemba 120 m'malo mwa 118. Titayang'ana tinapeza kuti ong'ambika awiri aja anaoneka pa sitepe yachitatu basi, pofika pa laputopu panali patadutsa mphindi ziwiri ndipo papepala nambala yaikulu yooneka inali 120. Sitinajambulenso zonse, tinangowonjezera kilipu ya masekondi 8 yoonetsa dzanja likulemba "118 abwino, 2 owonongeka" papepala lija asanalowe mu ofesi, fayilo yake ndi 055. Tinayesanso pa mlonda wa masana amene amadziwa kompyuta pang'ono, analemba 118.