Kalata ya kwa aphunzitsi mwana akamaopa mvula

Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kuno ku Mulanje kuli ana amene mvula ikangoyamba kulira pamalata mtima umawagunda, manja n'kumanjenjemera. Ena amadandaula m'mimba m'mawa kukachita mitambo, koma kukayera amasewera bwinobwino. Sakunamizira ayi. Nkhawa imapwetekadi m'mimba ndi mutu.

Pa ntchito yanga ya uphungu ndimalimbikitsa makolo a mwana wotere kulembera aphunzitsi ake. Koma kungolemba kuti "mwanayu ndi wamantha, mumuonetsetse" sikuthandiza munthu amene wayang'anizana ndi kalasi yodzaza mpaka kukhomo. Lembani zimene mwaona ndi maso anu, nthawi imene zimachitika, ndi tinthu tiwiri kapena titatu timene aphunzitsi angakwanitse. Mwachitsanzo:

"Aphunzitsi, ndikhulupirira muli bwino. Ndine mayi wa mtsikana wa m'kalasi mwanu, Sitandade 4. Nyumba yathu idagwa ndi madzi usiku iye ali momwemo. Kuyambira pamenepo mvula ikamagwa amatseka makutu, amalira, nthawi zina amathawira kunyumba. Si mwano ayi. Chonde mumukhazike kutsogolo, pafupi ndi mnzake amene amagwirizana naye. Zikamuyamba musamukalipire kapena kumufunsa mafunso pagulu. Mungomuuza motsitsa mawu kuti apume pang'onopang'ono, muli naye limodzi. Nkhaniyi ikhale pakati pa inu ndi ine. Ine masana ndimakhala kotchola tiyi, koma Lachisanu ndingathe kufika kuti tikambirane."

Onani kuti mayiwa sanapemphe kuti mvula ikabwera mwana azimasulidwa. Apa m'pamene makolo ambiri amaphonya, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa n'chifundo. Komatu mwana akathawa chimene akuopa, mtima umakhala pansi nthawi yomweyo, ndiye amaphunzira kuti chamupulumutsa ndi kuthawako. Mawa mantha amabwera okulirapo, mapeto ake kujomba sabata yathunthu. Akakhala m'kalasi pambali pa munthu wamkulu wodekha mpaka mvula itakata, amadzionera yekha kuti khoma silinagwe, ndipo mantha amayamba kuchepa. Izi ndikunena mvula ya masiku onse. A zanyengo akachenjeza za namondwe, kapena mitsinje ikadzaza, mwana asatumizidwe kusukulu.

Musanapereke kalatayo, muwerengereni mwanayo, adziwe zimene aphunzitsi amva. Ndipo mukaipereke nokha m'manja mwawo. Ikayenda m'chikwama anzake akhoza kuiwerenga n'kuyamba kumuseka.

Kalata simalowa m'malo mwa chipatala. Ngati m'mimba mukupweteka ngakhale kunja kuli ngwee, thupi likutentha, kapena mwana akuwonda, akayezedwe kaye, mwina ndi malungo kapena njoka za m'mimba. Ngati maloto oopsa sakutha, wayambanso kukodza pogona, wasiya kudya ndi kusewera, pitani naye ku chipatala cha boma mukafunse a zamaganizo. Akanenapo zofuna kufa, mupite tsiku lomwelo.