Pulani ikachedwa kukhonsolo, funsani kuti fayilo ili pa desiki iti

Ntchito yanga ndi yojambula mapulani a nyumba, koma ndikawerengera bwino, nthawi yambiri imathera pa benchi ya ku Cleveland House, mu msewu wa Leopold Takawira, komwe khonsolo ya Harare imaona mapulani a zomangamanga. Pa benchipo ndimamva funso limodzimodzi tsiku lonse: "Yatuluka?" Yankho lake nalonso silisintha: "Sinatuluke, mubwerenso." Munthu uja amabwerera ku Mabvuku kapena ku Dzivarasekwa atawononga ndalama ya kombi, osadziwa chilichonse chatsopano.

Vuto lili pa funsolo. Ofesala amene mwamupeza pa kauntala si amene amavomereza pulani yanu. Pulani ikalandiridwa, imazungulira m'zigawo zingapo. A mapulani a mzinda amaona ngati chimene mukufuna kumanga n'chololedwa pa sitandi imeneyo komanso ngati mwasiya mpata wokwanira kuchokera m'malire. A madzi ndi suweji amaona komwe mapaipi akudutsa. A zaumoyo amaona mawindo, mpweya ndi zimbudzi. Nyumba ikakhala yosanja kapena ya bizinesi, mainjiniya ndi ozimitsa moto nawonso amaikapo ndemanga. Chigawo chimodzi chikapeza cholakwika, chimalemba ndemanga ndipo fayilo imaima kudikira kuti mwini wake akonze. Mukafunsa kuti "yatuluka?", ofesala akuyankhani zoona zokhazokha, kuti ayi. Simunamufunse kuti yaima pati.

Izi ndinaziphunzira ndi manyazi. Amayi ena a ku Mufakose ankafuna kuwonjezera zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yawo, ndipo pulani ndinajambula ndine. Titapereka n'kulipira, mwana wawo wamwamuna ndiye anatenga lisiti n'kumapita kukafunsa, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kwa milungu inayi. Pofika mlungu wachinayi, mayi wa pa kauntala ankangopukusa mutu mnyamatayo asanatsegule n'komwe pakamwa. Kunyumba nkhani inali itapsa kale kuti a kukhonsolo akufuna kangachepe.

Ndinapita ndekha Lachiwiri m'mawa. Nditapereka moni, ndinaika pa kauntala kapepala komwe ndinalembapo nambala ya pulani, nambala ya sitandi, dera ndi tsiku lomwe tinapereka. Kenaka ndinati, "Mayi, pepani kukuvutitsani. Ndimafuna kudziwa kuti fayilo iyi ili kugawo liti panopa, komanso ngati pali chimene ikudikira kuchokera kwa ife." Anatsegula kaundula, n'kuyendetsa chala pa mzere wathu, n'kundiuza kuti ili kwa a suweji ndipo pali ndemanga. Ndemangayo inali ya mizere iwiri yokha: chipinda chakumapeto chinali pamwamba pa paipi ya suweji imene imadutsa kumbuyo kwa masitandi a mzere umenewo. Wolakwa ndinali ine. Poyeza malo sindinaone chivundikiro cha dzenje la suweji, chifukwa chinali kunsi kwa mulu wa njerwa zomwe amayiwo anagula kale. Fayilo sinkadikira ofesala, inkadikira ine.

Ndinachepetsa chipindacho, ndinajambulanso, n'kubweza mapepala mlungu womwewo. Pobweza ndinafunsa funso lachiwiri limene ndimalikonda: "Ndibwerenso liti kuti ndisakuvutitseni pachabe?" Iwo anati pakatha milungu iwiri. Tsiku limenelo analitchula ndi iwo, osati ine, choncho nditabwera sindinali munthu wovuta ayi, ndinali munthu wosunga pangano. Ndinangoti, "Munati ndibwere lero, mayi."

Muzipitako kangati? Ine ndimadikira milungu iwiri ndisanapite koyamba, pokhapokha atandiuza tsiku lina polandira mapepala. Kuchokera pamenepo ndimatsata tsiku limene andipatsa. Si lamulo, ndi mmene ndaonera kuti fayilo imafuna nthawi kuti ichoke pa desiki ina kufika pa ina, ndipo kupita kawiri pa mlungu kumangokupatsani yankho lakale. Lolemba m'mawa mzere umakhala wautali, Lachisanu masana maganizo a aliyense ali kale kunyumba. Ndipo azipita munthu mmodzi. Lero mwana, mawa malume, mkuja womanga nyumba, aliyense ndi nkhani yake, ofesala amayamba kukayikira kuti mwini fayilo ndi ndani kwenikweni.

Khalani ndi kabuku. Ulendo uliwonse lembani tsiku, amene mwalankhula naye, gawo lomwe fayilo ili ndi zimene mwauzidwa. Lisiti yeniyeni isachoke m'manja mwanu. Akafuna, apatseni fotokope. Ofesala akakupatsani nambala yake ya foni, wakuchitirani ulemu, si chilolezo choti muzimutumizira mauthenga pa WhatsApp usiku kapena Lamlungu. Uthenga umodzi, nthawi ya ntchito, wokhala ndi nambala ya pulani, ndi wokwanira.

Kabukuka n'komwe kamakuuzani ngati fayilo ikuyenda pang'onopang'ono kapena yaimiratu. Ikakhala kuti ulendo uno ili kwa a zaumoyo, ulendo wotsatira kwa a misewu, ingodekhani, ikuyenda. Koma mukapita katatu n'kupeza ili pa desiki yomweyo, popanda ndemanga iliyonse yoti mukonze, kapena akayamba kunena kuti sikuoneka, yafika nthawi yolemba kalata.

Apa ndi pamene ambiri amadana ndi ofesala, chifukwa amalemba kalata yomuneneza. Kalatayo ipite kwa mkulu wa dipatimenti, ikhale yosaposa tsamba limodzi, ndipo inene za fayilo osati za munthu: nambala yake, tsiku lomwe munapereka, masiku omwe munabwera kudzafunsa, gawo lomwe munauzidwa kuti ili, ndi pempho loti akuuzeni ngati pali chosowa. Musatchule dzina la wa pa kauntala. Tengani makope awiri, imodzi akudindireni chidindo cha tsiku kuti musunge. Ine ndisanapereke ndimayamba ndamuuza ofesalayo kuti, "Ndaona kuti nkhaniyi yaposa pa desiki panu, ndiye ndalembera abwana kuti atithandize." Kawirikawiri iye amamasuka, chifukwa nayenso alibe mphamvu yokakamiza gawo lina, pamene kalata yochokera kumwamba ili nayo.

Lamulo lili kumbali yanu. Gawo 68 la malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wothandizidwa ndi maofesi a boma mwachangu komanso mwachilungamo, ndi kupatsidwa zifukwa zolembedwa ngati chiganizo chawo chamukhudza moipa. Khonsolo nayo ili pansi pa lamuloli. Komatu musakalitchule pa kauntala ulendo woyamba, ngati wobwera ndi chibonga pa maliro. Malo ake ndi m'kalata yachiwiri, yoyamba ikapanda kuyankhidwa.

Za kangachepe zija, musayerekeze. Wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa pamaso pa lamulo, ndipo anyamata oima panja onena kuti amadziwana ndi am'kati sangasunthe paipi ya suweji. Musayambenso kukumba maziko pulani isanadindidwe, poganiza kuti ikutuluka posachedwa. Oyendera zomanga amayenera kuona ngalande za maziko musanathire konkire, ndipo chomangidwa popanda chilolezo khonsolo ikhoza kulamula kuti chigwetsedwe. Amayi a ku Mufakose aja akanamvera womanga wawo, chipinda chija chikanakhala chitafika kale pa mawindo, pamwamba penipeni pa paipi. Pulani yawo inatuluka pa ulendo wanga wachitatu, chipindacho chitachepa ndi mita imodzi ndi theka, ndipo mpaka pano akandiona amandikumbutsa za mulu wa njerwa uja.