Kumene madola a AdSense amathera asanafike m'manja mwanu

Ndalama imene mumaiona pa AdSense, njira imene a Google amalipirira anthu oonetsa zotsatsa malonda pa intaneti, si imene idzalowe mu akaunti yanu ya kubanki. Imachepa panjira, ndipo mbali yaikulu ya kuchepako mungathe kuipewa.

Vuto loyamba ndi kalata. Ndalama zanu zikafika $10, a Google amatumiza nambala ya PIN ya manambala 6 kudzera ku positi ofesi, ndipo simulipidwa kufikira mutailemba mu akaunti yanu ya AdSense. Kuno ku Malawi makalata safika pakhomo, choncho amene analemba dzina la dera lake lokha amangodikira pachabe. Lembani keyala ya bokosi limene limatsekulidwa kawirikawiri. Pakatha miyezi 4 PIN isanalowetsedwe, zotsatsa malonda zimasiya kuoneka. Dzina la pa AdSense lifananenso ndendende ndi la pa chiphaso chanu ndi la kubanki, chifukwa kusiyana pang'ono kungabwezetse ndalama.

Kenako pali fomu ya msonkho wa ku America, W-8BEN, imene imakhudza kwambiri olandira ndalama za YouTube. Ambiri amaiopa nkuisiya, koma kuisiyako ndiko kumawaluzitsa. Malawi alibe pangano la msonkho ndi America, choncho mukaidzaza amakudulani 30 peresenti pa ndalama zochokera kwa oonera a ku America okha. Mukapanda kuidzaza angadule mpaka 24 peresenti pa ndalama zonse. Tiyerekeze kuti mwapeza $200, ndipo $20 mwa iyo yachokera ku America. Wodzaza fomu ataya $6. Wosadzaza angataye $48. Fomuyi imatha mphamvu pakapita zaka zitatu, ndiye muziyang'ana tsiku lake. Siikuchotserani udindo wanu ku MRA.

Pamene ndimamvera chisoni anthu kwambiri ndi potumiza. A Google amalipira pakati pa 21 ndi 26 mwezi uliwonse ngati mwafika $100. Ndalama yobwera kubanki kudzera pa SWIFT, njira imene mabanki amatumizirana ndalama pakati pa maiko, nthawi zambiri imadutsa kaye banki ina yapakati, imene imatengapo yake, kenako banki yanu imatenganso yake isanasinthe madolawo kukhala makwacha pa mtengo wake. Zodulazi kawirikawiri sizitengera kukula kwa ndalama. Ngati mabankiwo atenga $25, wolandira $100 wataya gawo limodzi mwa magawo anayi, pamene wolandira $500 wataya 5 peresenti yokha. Nchifukwa chake ndimalangiza kukweza malire olipirira mu gawo la Payments pa AdSense kuti ndalama ziyambe zaunjikana, ngati mungathe kupirira.

Musanalembe nambala ya SWIFT ya banki yanu pa AdSense, pitani kubanki mukafunse nambala yolondola, ndalama imene amadula pa zochokera kunja, ndi mapepala amene adzafune. Ndalama ikapanda kufika patatha masiku 15 ogwira ntchito, sindikizani risiti ya malipirowo pa AdSense mupite nayo kubanki kuti akailondole.